Pokumbutsa ngongole, ulemu ukhale m'mawu, mphamvu ikhale pa tsiku

Wamalonda akapereka katundu pangongole, tsiku lolipira n'kudutsa kuli zii, mtima umatentha. Uthenga woyamba umene ambiri amalemba pafoni umakhala wotere: "Ndalama zanga zija mundipatsa liti? Mwachedwa nazo." Wolembayo amaona ngati walankhula mwamphamvu, koma uthengawu ndi wofooka. Sukunena kuti ndi ndalama zingati, ndi za katundu uti, ndiponso zifike liti. Wolandira akangoyankha kuti "tiona", nkhani yathera pomwepo, chotsala ndi kukwiyirana.

Mwachitsanzo, mayi wogulitsa mazira wapereka mathireyi 15 kulesitilanti pa 3 Juni, thireyi imodzi K9,000, zonse pamodzi K135,000. Pa invoisi nambala 42 analemba kuti ndalama zilipiridwe pakatha masiku 14, kutanthauza pa 17 Juni. Lafika Lachitatu pa 19 Juni, ndalama sizinaoneke, pamene mayiyo akufunika kukaoda mazira ena Loweruka. Uthenga umene ungamuthandize ndi uwu:

"Mwadzuka bwanji bwana? Ndikukumbutseni za invoisi nambala 42, ya mazira mathireyi 15 amene ndinabweretsa pa 3 Juni. Ndalama zake ndi K135,000 ndipo tsiku lolipira linali 17 Juni. Mwina zangokupitani ndi kuchuluka kwa ntchito. Chonde, kodi mungatumize pofika Lachisanu pa 21 Juni? Mutha kutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, manambala ali pa invoisipo. Ngati pali vuto ndi invoisiyi, mundidziwitse lero kuti tikonze. Zikomo kwambiri."

Ulemu wa uthengawu uli m'malo atatu okha: moni, mawu akuti "mwina zangokupitani", ndi zikomo wa kumapeto. Mawu apakatiwo ndi ofunika chifukwa amapatsa kasitomala njira yolipirira popanda kuchita manyazi. Munthu amene wauzidwa kuti "mwachedwa" amayamba wadziteteza, pamene amene wauzidwa kuti mwina waiwala amangoti "pepani mayi" n'kutumiza. Pa chikumbutso choyamba wamalonda sakudziwa chifukwa chimene ndalama zachedwera. Mwina invoisi inasiyidwa kwa woperekera zakudya ndipo sinafike kwa mwini ndalama. N'chifukwa chake uthenga uyenera kupita kwa munthu amene amalipira, osati kwa amene analandira katundu pakhomo.

Mphamvu yake ili pa zinthu zimene munthu sangazizembe: nambala ya invoisi, kuchuluka kwa ndalama, tsiku latsopano ndi njira yolipirira. Funso lakuti "mundipatsa liti?" limasiya tsiku m'manja mwa wangongole. Funso lakuti "mungatumize pofika Lachisanu?" limafuna yankho lakuti inde kapena ayi, ndipo akati ayi, ayenera kutchula tsiku lake. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira, chifukwa tsiku lakutali limaiwalikanso.

Ena amati ulemu umachititsa wangongole kudelera mwini ndalama. Zimenezi zimachitikadi pamene ulemu wameza pempho, monga mu uthenga wakuti: "Pepani kukuvutitsani, mukapeza kangachepe mundiganizireko." Uthenga wotere umamveka ngati wopempha chithandizo, pamene ndalamazo ndi za katundu amene anadyedwa kale. Mawu akuti "mukapeza" alibe tsiku, ndipo akuti "kangachepe" akuvomereza ndalama zosakwana mwini wake asanapemphe n'komwe. Kuopseza nakonso sikuthandiza pa uthenga woyamba. Fupa lokakamiza limaswa mphika: wotchula za polisi kapena khoti pa ngongole imene yachedwa masiku awiri angalandire K135,000 yake, koma oda ya mwezi wamawa ipita kwa wina.

Yankho limene labwera limasonyeza pamene pali vuto. Akati invoisi sanaione, mayiyo aijambule n'kuitumiza nthawi yomweyo, tsiku la Lachisanu lisasinthe. Akati thireyi imodzi inali ya mazira osweka ndipo zikhale zoona, achotsepo K9,000 n'kupempha K126,000 yotsalayo, kuti mkangano wa thireyi imodzi usagwire ndalama za mathireyi 14. Akati alipira K70,000 kaye, alandire, koma alembe uthenga wotsimikizira kuti yatsala K65,000 ndi tsiku limene agwirizana.

Lachisanu likadutsa popanda ndalama kapena yankho, nthawi yolemba yatha. Loweruka m'mawa mayiyo aimbe foni kapena apite yekha ndi kope la invoisi, ndipo asaperekenso thireyi ina pangongole mpaka yakaleyo italipiridwa. Pamenepo uthenga woyamba uja umagwiranso ntchito ina: uli m'foni ngati umboni wakuti anakumbutsa mwaulemu, anatchula ndalama zenizeni, ndipo anapereka tsiku.