Zotsala zikamachepa, funsani makala

Mabanja ambiri amazindikira kuti zinthu zadula tsiku limene akupita kukakongola. Komatu kudulako kumakhala kutayamba miyezi ingapo m'mbuyo, pang'onopang'ono, ndipo sipuledishiti ingathe kukuonetsani msanga. Limeneli ndi tsamba la timabokosi la pa kompyuta kapena pa foni, monga Excel kapena Google Sheets, limene limawerengera lokha manambala.

Kakonzedwe kake n'kosavuta. Mizere yotsika ili ndi zilembo, yopingasa ili ndi manambala. Mumzere A lembani mayina a zinthu, ndipo B, C ndi D akhale Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Mzere 1 ndi wa mayina a miyeziyo, mzere 2 wa ndalama zolowa, kenako kuyambira 3 mpaka 8 muike lendi, chakudya, makala, mayendedwe, magetsi ndi madzi, komanso zina ndi zina. M'kabokosi B9 ndi B10 lembani izi, n'kuzikoperanso ku miyezi inayo:

```
=SUM(B3:B8)
=B2-B9
```

Yoyamba ikuphatikiza zonse zotuluka, yachiwiri ikuonetsa zotsala.

Tiyerekeze banja limene limapeza K450,000 pamwezi. Mu Januwale latulutsa K410,000, kwatsala K40,000. Mu Febuluwale kwatsala K28,000, mu Malichi K13,000. Palibe mwezi umene banjali lasowa ndalama, choncho pakhomo palibe wodandaula. Koma manambala atatuwa akayandikana, aliyense angathe kuona kumene zinthu zikulowera: zikapitirira chonchi, Epulo sadzasiya kanthu.

Tsopano ndi chiyani chikudya ndalamazo? Chakudya chachoka pa K150,000 kufika pa K165,000, makala achoka pa K36,000 kufika pa K48,000. Maso amathamangira ku chakudya chifukwa K15,000 ndi yambiri kuposa K12,000. Koma m'kabokosi E5, pamzere wa makala, lembani izi, mudine chizindikiro cha `%`, n'kuzikoperanso ku E4, pamzere wa chakudya:

```
=(D5-B5)/B5
```

Mupeza kuti makala akwera ndi 33 peresenti pomwe chakudya chakwera ndi 10 peresenti yokha. Chimene chikuthamanga kwambiri ndi makala.

Apa ndi pamene ndimaona kuti ambiri amalekera panjira. Kudziwa kuti makala adya K48,000 sikukuuzani chifukwa chake. Ngati mu Januwale munagula matumba awiri pa K18,000 lililonse, K48,000 ya mu Malichi ingakhale matumba awiri omwewo pa K24,000, kapena matumba atatu pa K16,000. Poyambapo mtengo wakweradi, ndipo muyenera kufunafuna kogula kwina kapena kugula mwezi usanathe. Pachiwiripo mtengo watsika ndithu, koma mukuphikira makala ambiri, mwina chifukwa magetsi akuzimazima kapena kwabwera alendo. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana. N'chifukwa chake pa zinthu zochepa zimene mumagula mwezi uliwonse, monga chimanga, makala, mafuta ophikira ndi shuga, ndi bwino kukhala ndi tsamba lachiwiri lolembapo kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzi. Onaninso kukula kwa chinthucho, pakuti wogulitsa akhoza kusiya mtengo womwewo koma n'kuchepetsa mulu wa tomato kapena thumba.

Si kukwera kulikonse kumene kuli koopsa mofanana. Ku Malawi chimanga chimadula miyezi ya njala, kukolola kusanayambe, ndipo kawirikawiri chimatsika zokolola zikafika pamsika. Choncho Febuluwale wa chaka chino amayerekezeredwa bwino ndi Febuluwale wa chaka chatha. Koma kukwera kochokera ku kugwa kwa ndalama, ngati pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sikudikira nyengo kuti kubwerere, ndipo kumaonekera m'mizere yambiri nthawi imodzi.

Tsambali limanama likapatsidwa zolakwika. Mukalemba `K36,000` m'malo mwa `36000`, limatenga zimenezo ngati mawu, ndipo `SUM` imazidumpha osakuchenjezani. Chizindikiro chake n'chakuti zolembazo zimatsamira kumanzere kwa kabokosi, pomwe nambala yeniyeni imatsamira kumanja. Fizi ya sukulu nayo imasokoneza chifukwa imalipidwa pa teremu: phatikizani ya chaka chonse, mugawe ndi 12, muziika gawolo mwezi uliwonse. Ndipo ngongole, kaya ya ku banki m'khonde kaya ya katapila, musailembe pamzere wa zolowa, chifukwa imabisa dzenje lomwe mukufuna kuliona.

Mzere wa zina ndi zina muziuyang'anitsitsa. Ukayamba kuposa wa mayendedwe, ndiye kuti muli chinthu chachikulu chimene chikubisalamo, monga bandulo ya intaneti kapena ndalama zotumiza kumudzi. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a mufoni yanu adzakukumbutsani chimene chili, ndipo chipatseni mzere wakewake. Mzere watsopanowo muulowetse pakati pa 3 ndi 8 kuti `SUM` iuwerengere.