Foni Ikhale ya Pakhomo: Dandaulo la Makolo a m'Mphepete mwa Nyanja ku Lago

Ife makolo a m'boma la Lago, kuyambira ku Meluluca, Metangula, Messumba mpaka ku Cóbuè, tili ndi dandaulo lomwe tikufuna limveke kwa mafumu athu, aphunzitsi, atsogoleri a matchalitchi ndi mizikiti, komanso kwa makolo anzathu. Ana athu ali ndi mafoni omwe ife sitinawagulire, okhala ndi manambala omwe sitikuwadziwa, ndipo mafoniwo amadyetsedwa ndalama zomwe sitikudziwa gwero lake. Maganizo athu ndi akuti mwana wosakwana zaka 18 aphunzire kugwiritsa ntchito foni, koma foniyo ikhale ya pakhomo, yolembetsedwa m'dzina la kholo, yogona m'chipinda cha kholo. Tifotokoza zifukwa zake zitatu, kenako tiyankha omwe sakugwirizana nafe, ndipo pomaliza tinena zomwe tikupempha.

Tisanapite patali, tivomereze kuti foni yatithandiza. Movitel itayamba ntchito mu 2012 ndi kuimika nsanja m'madera akumidzi, ambiri a ife tinaleka kukwera phiri kukasaka netiweki. Lero mayi wogulitsa usipa amamva mtengo wa ku Lichinga asanakweze matumba pa galimoto, ndipo ndalama imafika pa e-Mola kapena pa M-Pesa popanda wina kuyenda nayo m'thumba. Choncho mlandu wathu suli pa foniyo kapena pa makampani ake. Mlandu uli pa funso lakuti mwini wake wa foni ya mwana ndi ndani.

Choyamba, foni imadya tsiku lililonse, pomwe mwana salandira malipiro. Tiyerekeze kuti mwana akugula mamega a mametikali 20 patsiku, ndipo akulipira mametikali 10 potchajitsa kwa munthu wa sola, poti midzi yambiri ya kutali ndi Metangula ilibe magetsi. Imeneyo ndi mametikali 30 patsiku, kapena 900 pamwezi wa masiku 30. Pabanja lodalira chinangwa ndi bwato limodzi, ndalama imeneyi ndi ya sopo, mchere, makope ndi nsapato. Kholo likakana, foniyo siizima ayi. Mwana amapeza njira ina. Wina amatapa usipa pathandala la amayi ake n'kukagulitsa kuseri, wina amajomba kusukulu kukakoka nawo makoka, ndipo wina amapeza munthu wamkulu womulipirira.

Kwa anyamata, ndalamayo ili ndi dzenje lina lomwe timalitchula kuti kandege. Ndi juga ya pafoni: munthu amaika ndalama, kandege kamanyamuka, phindu limaoneka likukwera, ndipo akachedwa kudina kandegeko kamathawa ndi zonse. Mnyamata akapita ndi achilimira usiku n'kulandira gawo lake m'mawa, amalisandutsa ndalama ya pafoni, ndipo dzuwa lisanafike pamutu imakhala yatha. Juga ndi yoletsedwa kwa wosakwana zaka 18, koma makina sawona nkhope. Amangowona nambala yolembetsedwa ndi chitupa cha munthu wamkulu. Akawina kamodzi mudzi wonse umamva, pamene maulendo ambirimbiri omwe waluza sauza aliyense.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe mitima yathu ikuwawa kwambiri, wogulira mwana foni amakhala wagulanso njira yolowera m'nyumba mwathu. Nyengo ya usipa, padoko pamadzaza anthu obwera: ogula nsomba ochokera m'matauni, eni maboti a injini, ndi ena odutsa ndi ndalama za golide wa ku Lupilichi. Ambiri mwa iwo ndi anthu aulemu omwe timachita nawo malonda. Koma alipo ena omwe njira yawo taiona kangapo, ndipo imayenda motere.

Mtsikana wa kalasi 7 kapena 8 amathandiza amayi ake kuyanika usipa akaweruka. Wogula uja amamuzolowera, kenako amamupatsa foni ponena kuti, "Uzindiuza usipa ukafa wambiri, ndisamabwere chabe." Kunena kwake kumamveka ngati kwa malonda, moti ngakhale mayi akamva sadabwa. Simu ya m'fonimo walembetsa yekha ndi chitupa chake cha BI, choncho nambala ndi yake, akaunti ya ndalama ndi yake, ndipo akafuna akhoza kuitseketsa. Sabata yoyamba amatumiza kiredito. Yachiwiri amatumiza ya mafuta odzola. Pakapita nthawi amayamba kuimba usiku, kenako amapempha chithunzi, ndipo chithunzicho chikangotumizidwa chimasanduka chingwe: mwana akafuna kuleka, amamuwopseza kuti achimwaza m'magulu a WhatsApp a padoko. Nyengo ya usipa ikatha, munthuyo amachotsa simu yake n'kusowa, ife n'kutsala ndi mwana wapakati yemwe wasiya sukulu.

Kale mwamuna wofuna mwana wa eni ankayenera kudutsa pabwalo, kuonedwa ndi anthu, ndi kukumana ndi amalume a mwanayo. Ngakhale mphatso yobisa inkaoneka, chifukwa chitenje chatsopano sichibisika pamudzi. Lero mphatso imafika ngati uthenga, mwana n'kukaitapa kwa ejenti wa mudzi wina komwe sadziwika. Boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo nambala 19/2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18, ndipo limapereka chilango cha ndende kwa wamkulu wokwatira mwana ngakhalenso kwa kholo lopereka mwana wake posinthana ndi chuma. Lamuloli ndi labwino, koma limagwira zomwe zaonekera poyera. Chibwenzi cha pafoni chimakula miyezi yambiri popanda mboni, ndipo chikamadzafika kwa amfumu chimakhala chitabala kale mimba.

Chachitatu, foni ya mwana imagwira ntchito kwambiri nthawi yomwe makolo palibe. Kuno kwathu abambo ambiri amakhala panyanja ndi nyale usiku wonse, ndipo amayi amagona msanga kuti alawire kudoko. Nthawi imeneyo mwana ali yekha pansi pa neti ndi foni mpaka tambala woyamba. M'mawa amasinza m'kalasi, pomwe maphunziro ali m'Chipwitikizi, chilankhulo chomwe kunyumba sitilankhula ndipo chimafuna mutu wogona bwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri a ife sititha kuwerenga zolembedwa m'fonimo. Mwana ndiye amatiwerengera mauthenga, ndiye amatitumizira ndalama, ndiye amadziwa nambala yathu yachinsinsi. Woyenera kuyang'aniridwa ndiye wasanduka mphunzitsi wa womuyang'anira.

Makolo anzathu, zizindikiro zilipo ngati titsegula maso. Mwana yemwe mukudziwa kuti alibe foni, koma amapezeka kawirikawiri kwa otchajitsa, ali nayo ndipo akusungitsa kwa mnzake. Mwana amene amabwereka foni yanu n'kuibweza mauthenga onse atafufutidwa, kapena amene amasunga kasimu m'chikuto cha kope, ali ndi chomwe akubisa. Chimodzimodzinso mtsikana wokhala ndi sopo wonunkhira yemwe simunagule, kapena mnyamata wogona panyanja sabata yathunthu koma osaoneka ndi kanthu m'manja.

Komabe, alipo omwe akutitsutsa, ndipo mfundo zawo si zachabe. Ena akuti mwana wochokera kumudzi wakutali amene akuphunzira sekondale ku Metangula kapena ku Lichinga, akukhala kwa achibale kapena m'nyumba ya lendi, sangakhale wopanda foni. Akadwala malungo adziwitsa bwanji kwawo? Ndalama ya ufa ilandiridwa bwanji? Zimenezi ndi zoona, ndipo yankho lake ndi kafoni ka mabatani kogulidwa ndi kholo, simu yolembetsedwa m'dzina la kholo, ndi nambala yodziwika kwa amene akumusunga. Kafoni koteroko kamaimba, kamalandira ndalama, ndipo moto wake umakhala masiku angapo. Sikatseka khomo kwa munthu woipa, koma kamachepetsa za zithunzi ndi za kandege, ndipo mwana yemwe ali ndi foni yochokera kwa makolo sakopeka msanga ndi ya mlendo.

Ena akuti kumana mwana foni ndi kumusiya m'mbuyo, poti ntchito za mawa zidzafuna odziwa intaneti. Nafenso sitikufuna ana osadziwa. Koma mwana wa msodzi sapatsidwa bwato lakelake tsiku lomwe wayamba kugwira nkhafi. Amayamba m'bwato la bambo ake, m'madzi osaya, mpaka atadziwa kuwerenga mwera usanafike. Foni ya pakhomo imapatsa mwana mpata wofufuza za kusukulu masana, pakhonde, anthu akudutsa. Ngakhale mayiko olemera omwe ana awo anabadwira pakati pa zipangizozi ayamba kuika malire. Dziko la France linaletsa mafoni m'sukulu za pulayimale ndi m'makalasi oyambirira a sekondale mu 2018, ndipo Australia inakhazikitsa lamulo mu 2024 loti osakwana zaka 16 asakhale ndi maakaunti pa masamba a mchezo. Eni ake a Facebook ndi TikTok nawonso amati wosakwana zaka 13 asalembetse, kungoti mwana amanama chaka chobadwa ndipo palibe womufunsa.

Motero, tikupempha zinthu izi. Kwa inu mafumu athu ndi akomiti oyang'anira usodzi, lengezani pamadoko kuti munthu wamkulu wopatsa mwana wa eni foni, simu kapena kiredito makolo osadziwa ayitanidwe kubwalo, ndipo ngati pali zogonana nkhaniyo ipite kupolisi, isathere pa mbuzi. Kwa inu ogulitsa masimu ndi maejenti a ndalama, musalembetsere mwana nambala pa chitupa chanu kapena cha munthu wina, ndipo mwana akamabwera kudzatapa ndalama kawirikawiri, funsani kwawo. Kwa inu aphunzitsi, mukalanda foni muzipereka kwa kholo pamaso pa komiti ya sukulu, ndipo ntchito ya kunyumba isamatumizidwe pa WhatsApp pokha, chifukwa zimenezo zimakakamiza mwana wosauka kusaka foni m'njira iliyonse.

Pomaliza, kwa ife eni ake. Tisinthe nambala yachinsinsi ya ndalama zathu n'kuisunga tokha, ngakhale zitatengera kuphunzira kudina kwa mnzathu wamkulu. Foni zonse za pakhomo zizigona malo amodzi dzuwa likalowa. Tikapeza foni yachilendo, tisathamangire chikoti kapena kuiponya m'nyanja, chifukwa mauthenga ndi manambala a m'menemo ndiwo umboni, ndipo mwana womenyedwa amangobisa kwambiri. Timufunse modekha kuti wamupatsa ndani, ndipo kwa mtsikana wochita manyazi tiyitane azakhali kapena agogo ake aakazi. Nambala ya 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere, ndipo mwana kapena kholo likhoza kuimba kukanena za nkhanza. Koposa zonse, mwana akabwera ndi foni yamtengo wapatali yomwe sitinagule, tisasangalale kuti pakhomo palowa chuma. Tikaitenga n'kuyamba kuimbira ifenso, ndiye kuti tavomera mtengo womwe woperekayo waika pa mwana wathu.