Musanafomate laputopu, fufuzani zimene VPN yasiya

Laputopu ikakana kulowa pa intaneti kuno ku Mtengowanthenga, mlandu umayamba wagwera netiweki. Sitingadabwe, poti m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi muli malo amene foni imagwira ukaima pachulu pokha. Choncho munthu amachotsa khadi la TNM n'kuikamo la Airtel, amagulanso bandulo ina, ndipo zikakanikabe amakwera minibasi kupita ku Mponela kapena ku Lilongwe, kumene wokonza makompyuta amangoti: "Bwana, iyi ikufunika kufomata." Sabata ino ndikufuna kunena za vuto limodzi limene silifuna zonsezi. Ngati foni imene ikugawira laputopuyo intaneti ikutsegula masamba bwinobwino, netiweki ilibe mlandu. Ndipo ngati laputopuyo inakhalapo ndi VPN, muyambire pamenepo.

VPN imalowa m'makompyuta mwathu m'njira zingapo. Ena amaiika okha atamva kuti imapereka intaneti yaulere, ena anawaikira ndi akuntchito, ndipo ena anangoipeza mu laputopu ya kaunjika. Ikamalowa, sibwera yokha. Imapanga adaputa ya netiweki yongoyerekezera, imene simungaigwire ndi manja koma Windows imaiona ngati chipangizo chenicheni, chofanana ndi cha Wi-Fi. Mayina amene amaoneka kawirikawiri ndi TAP-Windows Adapter V9, yochokera ku OpenVPN, ndi Wintun, yochokera ku WireGuard, ngakhale kuti makampani ambiri amazipatsa mayina awoawo. Kenako VPN imauza kompyuta kuti chilichonse chopita pa intaneti chizidzera pa adaputa imeneyi.

Amene anayenda pa M1 nthawi imene ankaukonza, kuchokera cha ku Lumbadzi kulowera ku Kasungu, akudziwa zikwangwani zopatutsira magalimoto kumsewu wafumbi. Tayerekezani kuti ntchito yatha, msewu wafumbi uja autseka, koma chikwangwani aiwala kuchizula. Tala ali bwinobwino, koma aliyense akukhotera kopanda njira. Ndi mmene zimakhalira pulogalamu ya VPN ikachotsedwa mwachisawawa: yokha imapita, koma adaputa ndi malangizo amene inasiya amatsala.

Zotsalazo zimakhala za mitundu itatu, ndipo mutha kudziwa chimene chakugwirani musanakhudze kalikonse. Lumikizani laputopu ku foni, tsegulani Command Prompt, n'kulemba mizere iwiri iyi, umodzi umodzi:

```
ping 8.8.8.8
ping google.com
```

Woyamba ukayankha koma wachiwiri n'kulephera, njira ilipo, chasokonekera ndi DNS, imene imasandutsa dzina la tsamba kukhala manambala. VPN imaika DNS yakeyake imene imapezeka VPN ikayaka basi. Yonse iwiri ikayankha koma Chrome kapena Edge n'kumakanabe, kayikirani Proxy: mapulogalamu ena, makamaka aulerewa, amalozetsa masamba onse ku adiresi ya 127.0.0.1, kutanthauza kompyuta yomweyo, kumene pulogalamu ija inkawalandirira. Yonse iwiri ikalephera, nthawi zambiri ndi Kill Switch, loko amene amaletsa intaneti iliyonse yosadzera mu VPN. Lokoyu anapangidwa dala kuti asamamasuke wamba.

Laputopu ya mphunzitsi wina wa kufupi kuno inafika kwa ine ili ndi vuto lotere. Mphwawo anaikamo VPN patchuthi, ndipo pobwerera kusukulu anangofufuta foda yake n'kutaya kachizindikiro ka pasikirini. Mzere woyamba uja unayankha, wachiwiri unakana. Titalemba ipconfig /all tinaona zinthu zitatu. Pansi pa Wi-Fi, pamene palembedwa Default Gateway panali adiresi yoyamba ndi 192.168, imene ndi ya foni yawo, monga ziyenera kukhalira. Koma pa DNS Servers panali 10.8.0.1, adiresi ya mkati mwa VPN imene kunja kuno kulibe angaiyankhe. M'munsi mwake munalinso TAP-Windows Adapter V9, yolembedwa kuti Media disconnected. Bamboyo anali atagula kale mabandulo amene sanagwire ntchito, chonsecho vuto linali mzere umodzi wa manambala.

Kuchotsa koyenera kumayamba pulogalamu isanachoke. Itseguleni, zimitsani Kill Switch ndi chilichonse chonena kuti iziyamba yokha kompyuta ikayaka, dinani Disconnect, kenako itsekeni. Mukatero pitani ku Settings, Apps, n'kusankha Uninstall. Muyang'anenso pamndandanda womwewo ngati pali TAP-Windows payokha, chifukwa nthawi zina imalembedwa padera. Ngati pulogalamuyo inachotsedwa kale loko ali chitsekere, njira yachidule imaoneka ngati yobwerera m'mbuyo: tsitsani pulogalamu yomweyo pafoni, isamutsireni mu laputopu ndi chingwe, iikeninso, zimitsani lokoyo, n'kuichotsa bwino. Malamulo amene inaika imawadziwa ndi yomweyo, ndipo ena mwa iwo saoneka n'komwe pamndandanda wa Windows Defender Firewall.

Tsopano adaputa ija. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, ndipo Device Manager itseguka. Pa View sankhani Show hidden devices, apo ayi adaputa zina zakale sizioneka. Tsegulani Network adapters. Pa dzina lililonse lokhala ndi TAP, Wintun kapena dzina la VPN ija, dinani batani lakumanja la mbewa n'kusankha Uninstall device. Pakabokosi kamene katuluke pali malo oika chizindikiro, olembedwa Delete the driver software for this device mu Windows 10, kapena Attempt to remove the driver for this device mu Windows 11. Muikepo chizindikiro, kuti dalaivala wake asatsalire m'kompyuta. Mukapeza adaputa ziwiri kapena zitatu za dzina limodzi, ina yothera ndi #2, ndiye kuti VPN inaikidwa kangapo. Chotsani zonse.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa pamndandanda womwewu pali zinthu zosayenera kukhudza. Dzina lokhala ndi Intel, Realtek, Qualcomm kapena MediaTek ndi chipangizo chenicheni cha Wi-Fi kapena cha chingwe. Mukachotsa dalaivala wake, mudzafunika intaneti kuti mumupezenso, ndipo intanetiyo ndi imene mulibe. Remote NDIS ndi foni kapena modemu yanu yolumikizidwa ndi USB. Mayina oyamba ndi WAN Miniport, ngakhale ali ndi mawu a VPN monga IKEv2, L2TP ndi PPTP, ndi a Windows yeniyeniyo. Asiyeni. Komanso ngati laputopuyo ndi ya kuntchito, mwina ya chipatala kapena ya bungwe limene limatumiza malipoti kulikulu, n'kutheka kuti adaputa ya TAP ikugwiritsidwa ntchito ndi VPN ya ofesi. Imeneyo funsani kaye oyang'anira makompyuta akuntchito kwanu.

Kuchotsa adaputa sikubwezeretsa DNS pakokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kunena kuti zalephereka. Pa laputopu ya aphunzitsi aja, TAP itachoka masamba anakanabe, chifukwa 10.8.0.1 inali italembedwa pa Wi-Fi yeniyeniyo. Tinalemba ncpa.cpl, n'kudina kumanja pa Wi-Fi, Properties, Internet Protocol Version 4, n'kubwezera chizindikiro pa Obtain DNS server address automatically. Muchitenso chimodzimodzi pa Version 6, ndi pa Ethernet ngati mumagwiritsa ntchito chingwe. Mukadali pa Properties pomwepo, onani ngati pamndandanda pali mzere wa dzina la VPN ija, ndipo ngati ulipo uchotseni. Za Proxy zili ku Settings, Network & Internet, Proxy: pamene palembedwa Use a proxy server pazikhala pozimitsa.

Chomaliza ndi kutsuka zotsalira. Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, apo ayi malamulowa akana, n'kulemba:

```
netsh winsock reset
netsh int ip reset
ipconfig /flushdns
```

Kenako sankhani Restart, osati Shut down, chifukwa Windows 10 ndi 11 zikazimitsidwa wamba zimasunga mbali ina ya mmene zinalili kuti zidzayake msanga. Ngati magetsi a ESCOM athima ndipo batire ndi lofooka, dikirani abwere kaye, kuti kompyuta isazime ili mkati mochotsa dalaivala. Ikayaka, bwerezani mizere iwiri ya ping ija. Yonse ikayankha ndipo masamba akutseguka, ntchito yatha. Pa laputopu ya aphunzitsi, DNS Servers inasonyeza adiresi yofanana ndi ya Default Gateway, ndipo palibe fayilo ya mayeso imene inatayika.

Zikakanikabe, Windows ili ndi chida chotchedwa Network reset, chimene chinabwera mu 2016. Mu Windows 10 chili m'munsi mwa tsamba la Status, mu Windows 11 chili pa Advanced network settings. Chimachotsa adaputa zonse, n'kubwezeretsa zenizeni zokha, ndipo kompyuta imayambiranso yokha pakatha mphindi 5. Mafayilo anu sichiwakhudza, koma chimaiwalitsa mapasiwedi onse a Wi-Fi, choncho alembeni papepala musanadine. Ngati pulogalamu ya VPN ikadali m'kompyuta, ikhoza kupanganso adaputa yake, n'chifukwa chake chidachi ndimachiika kumapeto osati koyamba.

Vuto lomweli liliponso pafoni za Android. Pa Settings, pansi pa VPN, pali Always-on VPN ndi Block connections without VPN. Ziwirizi zikayatsidwa, VPN n'kusiya kugwira ntchito, foni imasonyeza 4G yodzaza koma WhatsApp osayenda. Zizimitseni, kenako chotsani pulogalamuyo.

Kwa anzathu okonza makompyuta a ku Mponela, ku Dowa boma ndi ku Lilongwe, pempho langa ndi lakuti kasitomala akanena kuti intaneti yasiya, muzimufunsa kaye ngati munali VPN, ndipo muzilemba mizere iwiri ija iye akuona. Kufomata kumathetsadi vutoli, koma kumapita ndi mapulogalamu, nthawi zina ndi mafayilo omwe, kenako mwiniwake amatha bandulo yonse kutsitsanso zimene anali nazo kale. Ndipo kwa inu amene mumabwereketsa laputopu kwa ana ndi abale, lamulo likhale limodzi: amene waika VPN aichotsenso yekha kudzera pa Uninstall, Kill Switch atazimitsa, asanabweze laputopuyo.