Pepala la malipiro si lisiti ya penshoni

Tamvanso nkhani ija ya mabwana amene akhala akudula ndalama za penshoni pa malipiro a antchito awo, koma osazipereka ku thumba la penshoni. Mayina amatuluka m'nyuzi, akuluakulu amachenjeza mwaukali, kenako zii. Wantchito amadzadziwa zoona tsiku lopuma ntchito, atapita kukatenga zake n'kupeza kuti m'buku mwake muli miyezi yongowerengeka. Ine ndikuti tisadikire tsiku limenelo. Tengani cholembera lero, lemberani abwana kalata, akuonetseni umboni.

Lamulo la penshoni la 2023, limene linalowa m'malo mwa la 2011, silibisa mawu. Wantchito amadulidwa ndalama zosachepera 5 pa 100 iliyonse, wolemba ntchito amaikapo zosachepera 10, ndipo zonsezi ziyenera kufika ku thumba pasanathe masiku 14 mwezi ukatha. Tiyerekeze mlonda kapena kalaliki amene malipiro ake owerengera penshoni ndi K300,000. Iye amadulidwa K15,000, abwana amaonjezera K30,000, pamodzi K45,000 pamwezi. Pachaka ndi K540,000. Abwana akakhalira ndalamazi zaka zitatu, munthuyu wamanidwa K1,620,000, osawerengera phindu limene zikanabala zikanakhala m'thumba, chonsecho kwacha ikutha mphamvu.

Mukafunsa, amakuuzani kuti, "Taonani pa pepala lanu la malipiro, zalembedwa." Inde zalembedwa, koma walemba ndani? Pepalalo lasindikizidwa mu ofesi ya yemwe mukumukayikirayo. Limangochitira umboni kuti ndalama zachoka kwa inu. Silinena kuti zafika kwina kulikonse. Pepala la malipiro si lisiti, ndipo aliyense wokuonetsani pepalalo ngati umboni akukuonani ngati mwana.

Kalatayo isakhale yaitali kapena yamwano. Lembani dzina lanu, nambala yanu ya pantchito ndi mwezi umene anayamba kukudulani. Pemphani dzina la kampani yosunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala. Kenako pemphani ndandanda ya mwezi ndi mwezi yoonetsa zimene munadulidwa, zimene abwana anaikapo ndi tsiku limene zinatumizidwa, pamodzi ndi umboni wa ku banki ndi lisiti yochokera ku thumbalo. Ikani tsiku loti akhale atayankha, ndipo wolandira kalatayo asayine pa kope yanu.

Apa chenjerani. Ena adzakuonetsani chikalata cha ku banki cha mamiliyoni ambiri, chotumizidwa kamodzi. Popanda ndandanda ya mayina, simungadziwe ngati inu mulimo, kapena ngati ndalamazo zinali zotsekera ngongole ya chaka chatha. N'chifukwa chake muyenera kupemphanso sitetimenti yanu ku thumba lenilenilo, n'kuiyika pambali pa mapepala anu a malipiro. Mwezi uliwonse umene munadulidwa K15,000 koma pa sitetimenti palibe K45,000, umenewo ndi mwezi woti abwana afotokoze.

Tsono pali anthu amene amandikwiyitsa kuposa mabwanawo. Ndi aja amati, "Musamute abwana, nthawi zino n'zovuta, kampani ikupuma movutikira, thokozani kuti muli pantchito." Kuthokoza chiyani? Kuthokoza kuti munthu watenga K15,000 yanga mwezi ndi mwezi n'kugulira mafuta a galimoto zake? Ngati kampani ikufuna ngongole, mabanki alipo, ndipo kumeneko amasayinitsa ndi kulipiritsa chiwongoladzanja. Kukongola kwa mlonda osamupempha, osamuuza, n'kumulembera papepala kuti ndalama zapita ku penshoni, kumeneko n'kuba ndi kunama pamodzi. Wakuba nkhuku kumsika amagona m'chitokosi, koma uyu akuti timumvetse chifukwa wavala tayi!

Amatinso kufunsa n'kusowa ulemu. Ulemu wanji umene umafuna kuti mayi wa ana anayi akhale chete pa ndalama zake zomwe? Anthu olankhula choterewa sadzakhalapo tsiku limene mayiyo wamwalira, ana ake n'kuuzidwa kuti m'thumba mulibe kanthu. Sadzakhalapo kampani ikadzatsekedwa, eni ake atasamutsira chuma kwina. Bwana amene wakhala akupereka sangakhumudwe ndi kalatayi, chifukwa wowerengera ndalama wake angatulutse malisitiwo tsiku lomwelo. Wokalipa, woopseza kapena wonena kuti "tikuziona" wakuyankhani kale.

Ngati mukuopa kulemba nokha, sayinani ambiri kapena dzerani ku bungwe lanu la antchito. Tsiku lija likadutsa popanda malisiti, tengani kope yosayinidwayo, mapepala a malipiro ndi sitetimenti, mukadandaule ku ofesi yoyang'anira za penshoni ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Ndipo ofesi zimenezo nazo zileke kungosindikiza mayina m'nyuzi. Zitengere anthuwa ku khoti, abweze ndalamazo ndi chiwongoladzanja chake chonse.