Sheya yotsika mtengo si bonya

Loweruka lina masana ndinakhala pa kamalo kodyera m'mbali mwa msewu wa Burnett kuno ku Hatfield, ndikulimbana ndi ntchito yomasulira imene inali itandikanika kuyambira m'mawa. Achimwene ena akumudzi, amene amagwira ntchito yaulonda pa nyumba zogona ana a pa yunivesite ya Pretoria, anakoka mpando n'kundiyandikizira foni kumaso. Anali atagula masheya a kampani ina ndi ndalama yonse ya bonasi.

“Taonani achimwene, imodzi ndi masenti 90 basi. Chaka chatha inali R8. Pagulu pathu pa WhatsApp akuti ikwera posachedwa.”

Ndinawafunsa ngati kampaniyo inapeza phindu chaka chathacho. Sanadziwe. Ndinafunsa ngongole imene ili nayo, ndiponso kuti inagawira liti eni masheya komaliza. Anaseka n'kunena kuti, “Zimenezo n'za inu a sukulu.”

Yankho limenelo ndi limene ndikulimbana nalo pano, chifukwa ndi labodza, ndipo likudya thukuta la anthu. Achimwene omwewa sangabwereke munthu R500 asanadziwe komwe akugwira ntchito ndiponso amene anamukongoza kale. Mayi anga ku banki mkhonde savomera kuti munthu atenge ndalama asanafunse kuti geni yake ikulowetsa zingati pa sabata, kaya ali kale pa katapila kwina, ndi kuti nyengo yatha anabweza bwanji. Mafunso a pa msika wa masheya ndi omwewa. Chasintha n'chakuti mayankho ake alembedwa m'Chingerezi cha anthu a matayi, ndiye ife timachita manyazi, n'kupereka ndalama maso ali chitsinzinire. Inenso ndinachitapo zimenezi ndili mwana wa sukulu, ndipo ndalamayo sindinaionenso.

Mtengo wa sheya paokha sukuuzani kanthu. Sheya ndi kachigawo ka kampani, ndipo kampani ikhoza kudziduladula m'zigawo miliyoni imodzi kapena biliyoni imodzi. Sheya ya masenti 90 ya kampani yomira m'ngongole ndi yodula kuposa ya R900 ya kampani yopeza bwino. Kunena kuti “inali R8” sikutanthauza kuti ibwerera pa R8, monga mmene nkhuku yodwala chitopa sichirira chifukwa choti dzulo inali yonenepa.

Titenge nkhani yodziwika, ya kampani imene mafuta ake timathira m'galimoto m'dziko muno. Mu 2014 Sasol inaganiza zomanga fakitale yaikulu ya mankhwala ku Lake Charles, m'chigawo cha Louisiana ku America. Inanena kuti ntchitoyo idya madola 8.9 biliyoni. Pofika 2019 mtengowo unali utadutsa madola 12 biliyoni, ndipo gawo lalikulu linali la ngongole. Zotsatira za chaka chothera mu Juni 2019, zimene zimayenera kutuluka mu Ogasiti, zinachedwa mpaka kumapeto kwa Okutobala. Tsiku limene zinatuluka, kampani inalengezanso kuti mabwana ake awiri, Bongani Nqwababa ndi Stephen Cornell, akutula pansi udindo.

Tsopano tiyerekeze munthu amene ali ndi R3,000 mu Disembala 2019. Sheya ya Sasol ili pafupifupi R300, pamene mu 2014 inadutsapo R600. Mnzake akumuuza kuti yatsika ndi theka, ndi bonya. Kodi akanati atsegule chikalata cha zotsatira chija, akanaona chiyani?

Choyamba ndi phindu. Makampani a pa msika wa ku Johannesburg amalemba manambala awiri a phindu logwera sheya iliyonse. Pa chikalata mudzaona EPS ndi HEPS. EPS ndi phindu lonse litagawidwa ndi chiwerengero cha masheya. HEPS imachotsamo zinthu zina zosachitika chaka ndi chaka, monga kutsitsa mtengo wa katundu wa kampani m'mabuku. Chaka chimenecho HEPS ya Sasol inali R30.72, koma EPS inali R6.97. Mukagawa R300 ndi nambala yoyambayo mupeza pafupifupi 10, kutanthauza kuti mukulipira phindu la zaka khumi, zomwe zikuoneka zabwino. Mukagawa ndi yachiwiriyo mupeza 43. Manambala awiriwa akatalikirana chotere, pamafunika kufunsa chimene chagwera pakatipo. Apa chinali chakuti kampani inavomereza yokha kuti katundu wake wina, kuphatikizapo mbali za fakitale yatsopano ija, salinso wa mtengo umene inalemba poyamba. Ndalama inalowa m'nthaka, ndipo mabuku ananena.

Chachiwiri ndi ngongole, ndipo kwa ine iyi ndiyo nambala yaikulu, chifukwa imakuuzani amene adye poyamba. Kampani ikapeza ndalama, banki imatenga chiwongoladzanja chake kaye, ndipo mwini sheya amadya zotsala m'mbale. Pa chikalata funani mzere wolembedwa Net debt to EBITDA. Mawuwa asakuopseni. Akuyerekeza ngongole, mutachotsako ndalama zimene kampani ili nazo m'manja, ndi zimene bizinesi imapanga pa chaka isanalipire chiwongoladzanja ndi msonkho, komanso isanawerengere kutha kwa makina. Mwachidule, funso lake n'lakuti, zingatenge zaka zingati kubweza ngongoleyi ngati ndalama yonse ipita kumeneko? Ya Sasol inali pa 2.6. Pangano lake ndi mabanki linali loti isadutse 3. Munthu amene madzi amufika m'khosi safunika chigumula kuti amire. Onjezani kuti ngongole yambiri inali ya madola, choncho randi ikagwa ngongole imafufuma yokha popanda kubwereka kwina. Mmalawi aliyense amene anaona kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa mmene zimenezi zimapwetekera.

Chachitatu ndi dividendi, gawo la phindu limene kampani imapereka m'manja mwa eni masheya. M'chaka chothera mu Juni 2018 Sasol inapereka R12.90 pa sheya. Wina akhoza kutenga nambala yakaleyo n'kuwerengera kuti pa R100 iliyonse azilandira R4.30 pa chaka. Koma chikalata cha mu Okutobala 2019 chinanena poyera kuti dividendi yomaliza ya chakacho palibe. Dividendi si malipiro a pamwezi, kampani ikhoza kuidula nthawi iliyonse. Kampani yozolowera kugawa ikaleka, ndiye kuti eni nyumba aona mtambo umene inu simunauone, ndipo akusunga ufa.

Mu Malichi 2020 mtengo wa mafuta padziko lonse unagwa, Saudi Arabia ndi Russia zitasemphana ndipo mliri wa korona utaimitsa magalimoto ndi ndege. Sheya ya Sasol inatsika mpaka pafupifupi R22. Masheya khumi a munthu wathu uja, amene anawagula R3,000, anatsala a R220. Pofika Juni 2020 ngongole ya kampaniyo inali pafupifupi R190 biliyoni, inalengeza kuluza kopitirira R90 biliyoni, ndipo chakumapeto kwa chakacho inagulitsa theka la mbali yaikulu ya fakitale ija kwa LyondellBasell pa madola 2 biliyoni. Dividendi sinabwererenso mpaka 2022.

Palibe chikalata chimene chikanalosera mliri. Koma chikalata chinaonetsa kuti kampaniyi inalibe podzera ngati kutagwa tsoka lililonse. Makampani ambiri anagwa mwezi umenewo, koma amene anasenza ngongole yolemera ndiwo anagwa chagada.

Ndikudziwa chimene achimwene anga angandiyankhe, ndipo ali ndi mfundo. Amene anagula pa R22 osawerenga kanthu anaona sheyayo ikudutsa R400 mu 2022. Ndi zoona. Anthu amenewo anabetcha kuti mabanki aleza mtima ndipo mafuta akweranso mtengo, ndipo zinatheka. Koma ndi iwo okha amene timawamva pa WhatsApp. Amene anagula masheya ena “otsika” n'kuwaona akufika pa ziro salemba uthenga pagulu. Sindikuletsa munthu kubetcha ndi ndalama yake. Ndikukana kuti kubetcha tizikutcha kusunga chuma, makamaka ngati ndalamayo ndi ya fizi ya mwana ku Zomba.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri, yakuti manambala akhoza kunama. Steinhoff, kampani imene inali mwini wa masitolo a PEP, inkaonetsa phindu looneka bwino chaka ndi chaka. Mu Disembala 2017 kampani younika mabuku ya Deloitte inakana kusaina, bwana wamkulu Markus Jooste anatula pansi udindo, ndipo m'masiku ochepa sheya inataya gawo lalikulu la mtengo wake. Kafukufuku wa PwC, amene chidule chake chinatuluka mu 2019, anapeza malonda abodza kapena osalongosoka a mayuro pafupifupi 6.5 biliyoni. Ngakhale PIC, bungwe losunga ndalama za penshoni za ogwira ntchito m'boma, limene likulu lake lili mu Pretoria momwe muno, linapsa nazo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati akadaulo ananamizidwa, mlonda angatani?

Sindinama kuti kuwerenga kukanamupulumutsa kotheratu. Koma ngakhale kumeneko utsi unalipo, popeza kuyambira 2015 zinali zodziwika kuti ofufuza milandu ku Germany akuunika mabuku a kampaniyo. Phunziro la Steinhoff ndi lakuti ndalama yonse isapite ku kampani imodzi, ndi kuti zotsatira zikachedwa kapena ounika mabuku akazengereza, musadikire kufotokozeredwa. Phunziro lake si lakuti tileke kuwerenga. Kupezeka kwa sikelo zakuba pa msika sikutichititsa kugula chimanga chosayeza.

Zikalata zimenezi n'zaulere. Kampani iliyonse ya pa msika wa Johannesburg imatulutsa zotsatira kawiri pa chaka kudzera pa SENS, ndipo chidule chake nthawi zambiri chimakhala masamba ochepa. Kumudzi, makampani a pa msika wa masheya ku Blantyre amasindikiza zawo m'nyuzipepala, masamba aja timakulungira mandasi. Chimene chimandipweteka monga womasulira n'chakuti otsatsa malonda anaphunzira kale kutiitana m'zilankhulo zathu pamene akufuna ndalama yathu, koma tsamba lofotokoza ngongole limatsala m'Chingerezi. Mlandu umenewo tili nawo ifenso a ntchito ya mawu.

Loweruka lija tinatsegula chikalata cha kampani ya achimwene aja pa foni yawo yomweyo. Nambala ya phindu inali m'mabulaketi, ndipo ndinawauza kuti m'mabuku a ndalama mabulaketi amatanthauza kuluza. Inali choncho zaka ziwiri zotsatizana. Pa mzere wa dividendi panali kamzere chabe. Sindinawauze kuti agulitse, pakuti ndalama ndi yawo ndipo ine sindine mlangizi wa zachuma. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, “Nanga pangongole paja mwati tione pati?” Tinatsika ndi chala mpaka tinapapeza, ndipo anawerenga okha.