Kuonda koma ukudya bwino: funsani za chithokomiro

Mayi akayamba kuonda kuno ku Lungwena, anthu amaweruza msanga. Ena amanong'ona za kachirombo, ena za chifuwa chachikulu, ena amati pali amene wamuchita chipongwe. Nkoyenera ndithu kuyamba ndi kuyezetsa HIV, TB ndi shuga, chifukwa ndiwo matenda amene amaondetsa anthu ambiri kwathu kuno. Chimene chimandipweteka ndi mayi amene zonse zitatu zatuluka bwino, nabwerera kunyumba poganiza kuti achipatala alephera, pamene vuto lili pakhosi pake.

Chithokomiro ndi kachiwalo kamene tonse tili nako kutsogolo kwa khosi, mmunsi mwa kholingo. Chimatulutsa michere m'magazi imene imalamula liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Michereyo ikachuluka, thupi limathamanga ngati injini ya boti yosiyidwa ikulira usiku wonse, mafuta n'kumangotha.

Tiyerekeze mayi wa zaka 32 wogulitsa usipa. Kabuku kake ka kuchipatala kakusonyeza makilogalamu 60 mu Malichi, koma mu Ogasiti sikelo ikuti 54. Kutaya makilogalamu atatu okha mwa 60, osafuna, m'miyezi isanu ndi umodzi ndi chifukwa chokwanira kale chopitira kuchipatala, ndiye iye wataya asanu ndi limodzi. Chodabwitsa n'chakuti nsima akudya kuposa kale. Wodwala TB kawirikawiri chakudya sachifuna ndipo amatsokomola. Wa shuga amamva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Mayi uyu akumva kutentha ngakhale mwera wa mu Juni ukuwomba, tulo sakupeza, sachedwa kupsa mtima, ndipo msambo wachepa. Muuzeni atambasule manja, muike pepala pamwamba pa zala: pepalalo linjenjemera. Gwirani mtsempha wa padzanja atakhala pansi atapuma. Ukagunda koposa ka 100 pa mphindi imodzi, chizindikiro china ndi chimenecho. Ena maso amatong'oka, ena khosi limatupa, koma musadikire chotupa, chifukwa kwa ena sichioneka n'komwe.

Mayi wotere apite pa chipatala cha Lungwena ndi kabuku kake, afotokoze zonsezi pamodzi osasiyako, kenaka afunse mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi sichingakhale chithokomiro?" Chotsimikizira ndi kuyeza magazi kotchedwa TSH ndi T4, kumene zipatala zazing'ono sizichita. N'chifukwa chake kalata yotumizira ku chipatala cha boma ku Mangochi ndi yofunika kuisunga ndi kuitsata, ngakhale ulendo utapitirira mpaka ku Zomba kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndikudziwa kuti thiransipoti ndi yodula, koma chithokomiro chothamanga chikasiyidwa chimafooketsa mtima, ndipo kwa woyembekezera chimatha kuchititsa kuti apite padera.

Mankhwala alipo. Kabimazolo amachepetsa michere ija, ndipo nthawi zambiri amamwedwa kwa chaka kapena chaka ndi theka, osati kusiya thupi likangobwerera. Amene akumwa mankhwalawa akamva malungo ndi zilonda zapakhosi, asiye kumwa ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, poti mwa apo ndi apo amagwetsa asilikali a m'magazi.

Chithokomiro chikafooka zinthu zimatembenuka. Munthu amanenepa pang'onopang'ono osawonjezera kudya, amamva kuzizira mu Okutobala, khungu limauma, amadzimbidwa, mawu amasasa, nkhope imatupikana, msambo umachuluka. Apongozi amangoti mkamwana wayamba ulesi. Kunenepa kwake sikukhala kwakukulu, makilogalamu ochepa chabe, choncho si aliyense wonenepa amene ali ndi vutoli. Amayi obereka kumene asamale kwambiri: pafupifupi mmodzi mwa 20 chithokomiro chimasokonezeka m'chaka choyamba atachira, ndipo kutopa kwake timangokukankhira pa kuyamwitsa. Wopezeka ndi chithokomiro chofooka amamwa levothayirokisini m'mawa uliwonse asanadye, ambiri kwa moyo wonse.

Za mchere nazo tinene. Chithokomiro chimafuna ayodini, ndipo nsomba za m'nyanja yathu, poti madzi ake si amchere, zili naye wochepa poyerekeza ndi za ku nyanja yamchere. Lamulo la Malawi la 1995 limafuna kuti mchere wodya uzikhala ndi ayodini. Gulani wa m'paketi yolembedwa choncho, muusunge wotseka kutali ndi moto. Koma mcherewo umateteza ku mavuto a kusowa ayodini basi, suchiza chithokomiro chothamanga, ndipo kutema mphini pakhosi kumangowonjezera chilonda.

Pali zina zosadikira kuti kuche. Chotupa chikayamba kutsekereza mpweya kapena chakudya, kapena munthu woonda uja akatentha thupi kwambiri, mtima ukuthamanga, mutu wasokonezeka, pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.