Cigumula ca zaka 100 cilibe kalenda

Tsiku lina madzulo, minibasi yathu ili kuoloka madzi pa Kanyama, wailesi inakamba za cigumula ca “kamodzi pa zaka 100”. Amai amene ndinakhala nao pampando umodzi anaseka. “Aba anthu ni aboza,” anatelo. “Si paja anakamba cimodzimodzi zaka zisanu zapitazo? Manje zaka 100 zakwana liti?”

Amai, sananame. Dzina lake ndilo limasokoneza. Tanthauzo lake n'lakuti caka ciliconse pali mpata umodzi pa 100 wakuti madzi afike pamlingo umenewo kapena kupitilila.

Tengani nyemba 100 m'thumba, imodzi yokha yakuda. Caka ciliconse mupisa dzanja osayang'ana, mutenga imodzi, kenaka muibweza. Apa ndiye pagona nkhani: yakuda ija imabwelela m'thumba. Mtsinje sukumbukila kuti unasefukila caka catha.

Mukapisa dzanja zaka 10, mpata wotola yakuda ngakhale kamodzi uli pafupi umodzi pa 10. Mukakhala m'nyumba imodzi zaka 30, wafika umodzi pa 4. Amene mufuna kugula puloti kudambo cifukwa yachipa, masamu ake ndi amenewo.

Nanga kawili m'zaka 10? Pamalo amodzi n'zosowa, mpata umodzi pa 230 kapena capafupi. Koma mitsinje ndi mizinda ndi yambilimbili, ndipo uliwonse uli ndi thumba lake, motelo kwinakwake zimacitika ndithu. Zinacitikapo kwathu kuno pomanga damu la Kariba. Mu 1957 Zambezi inadzaza koopsa ndi kuononga nchito. Caka cotsatila, 1958, inabwela ndi madzi oculuka koposa, n'kukokolola mlatho wa pamalopo. Mainjiniya anakakamizika kusintha pulani, zipata zotulutsila madzi zinakhala 6 m'malo mwa 4.

Zimenezi zionetsanso cina. Nambala ija ya 100 amaiwelengela kucokela pa zolemba za kuculuka kwa madzi, ndipo malo ambili zolembazo sizifika n'komwe zaka 100. Akatswili amaciyelekeza cigumula cacikulu asanacionepo. Cikabwela, amawelengelanso, ndipo nthawi zina capezeka kuti ca “zaka 100” cija cinali ca zaka 50.

Cimene cindidetsa nkhawa ine n'cakuti mu Lusaka thumba lenilenilo tikulisintha tokha. Kanyama, Misisi ndi Chawama zakhala pa thanthwe la laimu, pamalo a fulati, pomwe madzi a pansi pa nthaka ali pafupi. Mvula ikagwa masiku angapo alibe kolowela. Pamwamba pake taika malata, konkiliti ndi phula, ndipo ngalande zadzala mabotolo a pulasitiki. Mvula yofanana ndi ya kale tsopano imakweza madzi kuposa kale. Tili kuonjezela nyemba zakuda, koma nambala papepala ikali ya dzana.

Amai aja anatsika ndisanamalize. Kondakita anawaimikila pouma, koma nsapato anagwilabe kumanja.